Katundu wakakamira ku depoti: kalata yomwe sangayankhe kuti "ali m'njira"

Katundu akakhala pamalo amodzi sabata yathunthu, anthu ambiri amatumiza ku kampani uthenga wa mawu asanu okha: "Bwana, katundu wanga ali pati?" Wolandira uthengawo amatsegula kompyuta, n'kuwerenga mzere womwewo umene mwiniwake wauwerenga kale pa foni, kenako n'kuyankha kuti katundu ali m'njira. Sananame ayi, koma palibe chomwe chasuntha. Kalata yothandiza ndi yomwe imakakamiza munthu kudzuka pampando, kulowa m'chipinda chosungiramo katundu, n'kukaiona katoniyo ndi maso ake. Malangizo onse ali m'munsimu akulinga pamenepo.

Yambani mwamvetsa zomwe foni ikukuuzani

Pa katoni pamamatidwa sitika yokhala ndi timizere takuda. Katoniyo ikafika pa depoti, ikakwezedwa m'galimoto, kapena ikatsika m'ndege, wantchito amadutsitsa kamakina pa timizereto ndipo kompyuta imalemba malo, tsiku ndi nthawi. Ndi zokhazo zomwe mumaona mukalemba nambala yolondolera katundu. M'katonimo mulibe chida chouza kampani komwe ili panopa. Choncho mzere womaliza umangotanthauza kuti pamenepo ndi pomwe anaisikana komaliza. Katoni yeniyeniyo ikhoza kukhala pomwepo, ikhoza kukhala itakwera galimoto yolakwika, kapenanso ili pa ngodya ina sitika itayobuka.

Mawu a pa sikirini amakhala a Chingerezi ndipo amasiyana pang'ono malinga ndi kampani, koma pali atatu ofunika kuwasiyanitsa musanalembe. Mukaona `In transit`, ndiye kuti katundu ananyamuka pamalo ena ndipo sanasikanidwe kwina. Ngati akubwera pamsewu kuchokera ku Joni kudzera pa Mwanza kapena pa Dedza, masiku angapo a chete si chachilendo, chifukwa thiraki ikamadikira pa chipata cha dziko palibe amene akusikana makatoni ali m'katimo. Mukaona `Arrived at facility` kapena mawu ofanana nawo, popanda mzere wina wosonyeza kuti watuluka, katundu ali m'manja mwa depotiyo ndipo iwo ndi amene ayenera kuyankha. Koma mukaona `On hold` kapena `Clearance delay`, pali chomwe chikudikiridwa, ndipo nthawi zambiri chomwe chikudikiridwacho ndi pepala kapena ndalama zochokera kwa inu kapena kwa wotumiza.

Nanga mulembe liti? Werengani masiku ogwira ntchito okha, osaphatikiza Loweruka, Lamulungu ndi tchuthi. Ngati katundu ndi wa m'dziko momwemuno, mwachitsanzo wochoka ku Mzuzu kupita ku Limbe, masiku awiri ogwira ntchito popanda kusuntha ndi okwanira kufunsa. Ngati ndi wochokera kunja, dikirani masiku atatu kapena asanu kuchokera pa mzere womaliza, kapena tsiku limodzi kupyola lomwe analonjeza. Koma mukangoona mawu osonyeza kuti wagwidwa, lembani tsiku lomwelo. Kudikira pamenepo n'kungodziwonjezera mavuto, chifukwa makampani ena amayamba kuwerengera ndalama yosungira katundu pakapita masiku ochepa, ndipo amatha kum'bweza kwa wotumiza.

Sonkhanitsani mapepala musanagwire foni

Chinthu choyamba ndi nambala yolondolera, ndipo muikopere kuchokera pa lisiti, osailemba pamtima. Anthu ambiri amasokoneza nambala ya oda ya sitolo yomwe anagulako ndi nambala ya kampani yonyamula katundu. Izi ndi nambala ziwiri zosiyana, ndipo ya sitolo ku depoti saidziwa n'komwe. Maonekedwe a nambala amakuuzaninso khomo loti mugogode. Ya DHL Express imakhala ndi manambala 10. Ya UPS imayamba ndi `1Z`. Ya positi ya mayiko onse imakhala ndi zilembo ziwiri kumayambiriro, manambala 9 pakati, ndi zilembo ziwiri za dziko lomwe katundu wachokera kumapeto, monga `EE123456785CN`. Apa `E` woyambayo akusonyeza kuti ndi EMS, yomwe ndi positi yofulumira, ndipo `CN` ndi China. Nambala yotereyi ikafika kuno imagwera m'manja mwa Malawi Posts Corporation, choncho kuilembera kampani ina yonyamula katundu n'kutaya nthawi.

Kenako jambulani sikirini yosonyeza mizere yonse ya ulendo wa katundu, tsiku ndi nthawi zikuoneka bwino. Pemphani wotumiza akutumizireni chithunzi cha lisiti komanso cha katoni yeniyeniyo ngati anaijambula. Werengani pa lisitipo zinthu zitatu modekha: nambala ya foni ya wolandira, kuchuluka kwa makatoni, ndi kulemera kwake. Nambala ya foni ndiyo imagwetsa anthu ambiri. Kuno madera ambiri alibe manambala a nyumba, dalaivala amadalira kuimba foni. Ngati wotumiza anaphonya nambala imodzi, kapena analemba nambala yakale yomwe simuigwiritsanso ntchito, kampani imaimba kawiri katatu, osakupezani, katoni n'kuikidwa pa shelefu. Inu mukudikira iwo, iwo akudikira inu.

Alembe ndani, ndipo alembere kuti

Amene anachita mgwirizano ndi kampani ndi wotumiza, chifukwa ndiye analipira n'kusayina. Wolandira ali ndi ufulu wofunsa komwe kuli katundu ndi kupereka mapepala ofunika, koma kusintha keyala, kusintha dzina la wolandira, kapena kupempha chipukuta misozi katundu akatayika, makampani ambiri amafuna kuti achite ndi wotumiza. Njira yabwino ndi yoti wolandira alembere ofesi ya kuno, wotumiza alandire kope ya kalatayo, ndipo iyenso afunse ku ofesi yomwe anasiyako katundu. Ngati munagula pa sitolo ya pa intaneti, wotumiza ndi sitoloyo, ndiye muidziwitse kudzera mu akaunti yanu nthawi yodandaula isanathe.

Imelo ndiyo yabwino kuposa zonse chifukwa imasunga tsiku ndi nthawi, ndipo imatumizika kwa akuluakulu mosavuta. WhatsApp ilibe vuto ngati nambalayo ndi ya ofesi yomwe ili pa lisiti kapena pa tsamba la kampani, koma lembani uthenga umodzi wathunthu, osati tizidutswa khumi ndi mauthenga a mawu. Uthenga wa mawu sungasakidwe m'kompyuta ndipo palibe amene angaukopere m'fayilo. Mukaimba foni, mukangomaliza lembani uthenga wobwereza zomwe mwagwirizana, ndi dzina la amene mwayankhula naye. Chiyankhulo sankhani chomwe ofesiyo imagwiritsa ntchito. Nthambi za kuno zimayankha bwinobwino m'Chichewa, koma ngati kalata ikupitanso ku ofesi ya ku Joni kapena ku London, mfundo zomwezi muzilembe m'Chingerezi.

Kalata yeniyeniyo

Tiyerekeze kuti telala wa ku Zomba watumiziridwa makatoni awiri kuchokera ku Johannesburg, imodzi muli makina osokera, inayo muli ulusi ndi mazipi. Mlamu wake anawapereka ku kampani Lolemba pa 3 Juni. Lachinayi pa 6 Juni kompyuta inasonyeza kuti afika ku depoti ya ku Blantyre, n'kulemba kuti agwidwa. Telalayu anadikira, poganiza kuti amuimbira, mpaka Lachinayi linalo pa 13 Juni. Kalata yake iyenera kuoneka chonchi:

> Mutu: Katundu nambala ………. wakhala ku depoti ya Blantyre kuyambira pa 6 Juni
>
> Bwana kapena Mayi,
>
> Ndine wolandira katundu wa nambala ili pamwambayi, wochokera ku Johannesburg kupita ku Zomba, yemwe anaperekedwa kwa inu pa 3 Juni. Ndi makatoni awiri a khaki, olemera makilogalamu 18 onse pamodzi. Yaikulu ndi yomangidwa ndi tepi yofiira ndipo muli makina osokera. Yaing'ono muli ulusi ndi mazipi.
>
> Mzere womaliza pa kompyuta yanu ndi wa pa 6 Juni nthawi ya 14:20, ndipo ukusonyeza kuti katundu wagwidwa ku depoti ya Blantyre. Kuchokera tsiku limenelo sindinalandire foni kapena uthenga uliwonse.
>
> Ndikupempha mundiyankhe mafunso awa:
> 1. Kodi wina wawaona ndi maso makatoni onse awiri lero? Ali ku depoti yanu kapena ali m'manja mwa a kasitomu oona za msonkho?
> 2. Chifukwa chenicheni chomwe agwidwira n'chiyani?
> 3. Kodi pali pepala kapena ndalama zomwe mukudikira kwa ine kapena kwa wotumiza? Ngati zilipo, nditumize kwa ndani?
> 4. Zimenezo zikakwanira, katundu atuluka tsiku liti?
> 5. Kodi mwayamba kuwerengera ndalama yosungira, ndipo ndi tsiku liti lomwe mungam'bweze kwa wotumiza?
>
> Chonde mundipatse nambala ya dandaulo langali, ndipo mundiyankhe polemba pofika Lolemba pa 17 Juni masana. Foni yanga yogwira ndi ………. Ngati yomwe muli nayo ndi yosiyana, chonde muikonze. Ndaphatikiza chithunzi cha lisiti ndi cha sikirini.
>
> Zikomo,
> Ine wanu, ……….

Kalatayi ndi yaifupi, koma chiganizo chilichonse chili ndi ntchito yake. Nambala ili pa mutu chifukwa wolandira makalata amasaka ndi nambala, osati ndi dzina lanu, ndipo ngati muli ndi katundu wa manambala awiri osiyana, lembani makalata awiri. Kufotokoza maonekedwe a katoni kumaoneka ngati chibwana kufikira tsiku lomwe sitika yanyowa kapena yang'ambika. Pamenepo kompyuta siingathandizenso, ndipo wosaka pakati pa makatoni a khaki ofanana amangodalira tepi yofiira ija. Kutchula kuti makatoni ndi awiri n'kofunikanso kwambiri. Zimachitika kuti imodzi yafika, inzake yatsala komwe inachokera, ndipo depoti yasunga yofikayo podikira kuti zonse zipitire limodzi. Kompyuta singakuuzeni zimenezi ngati simunafunse.

Funso loyamba ndilo mtima wa kalata yonse, chifukwa silingayankhidwe ndi munthu wongowerenga pa sikirini. Likusiyanitsanso zinthu ziwiri zomwe anthu amaziphatikiza. Katundu wochokera kunja amatha kukhala m'nyumba ya kampani koma asanaloledwe kutuluka ndi a kasitomu a Malawi Revenue Authority. Zikatero manijala wa depoti alibe mphamvu yom'tulutsa ngakhale mutamukalipira chotani. Chomwe angachite n'kukuuzani pepala lomwe likusowa.

Tsiku loti ayankhe litchuleni ndi dzina ndi nambala. Mawu oti "mwamsanga" aliyense amawamva m'njira yake. Masiku awiri ogwira ntchito ndi okwanira kuti munthu akaone pa shelefu. Ndipo zina musaziike m'kalata yoyamba. Nkhani ya ukwati womwe ukudikira madiresi ingokhala chiganizo chimodzi chotchula tsiku lomwe katundu akufunika, ngati ilipo. Kuopseza kuti mukawayalutsa pa Facebook kapena mukawasumira kumangochititsa kuti wantchito aope kulemba chilichonse chomveka, n'kuyamba kukupatsani mayankho ozembazemba. Ulemu apa si mantha. Mukufuna munthu amene alibe mlandu akuyendereni m'chipinda cha katundu.

Yankho likabwera, liyeseni ndi mafunso anu

Nthawi zambiri yankho loyamba limakhala lokonzedweratu: pepani chifukwa cha kuchedwa, katundu wanu akukonzedwa, tikudziwitsani. Musayambe kalata yatsopano. Yankhani pa uthenga womwewo kuti mbiri yonse ikhale pamodzi, ndipo lembani mwachidule kuti: "Zikomo poyankha. Mafunso 1, 2 ndi 3 sanayankhidwe. Chonde wina akaone makatoniwo lero ndipo mundiuze chomwe chikudikiridwa." Apa m'pomwe manambala a mafunso aja amasonyeza phindu lake.

Pa nkhani ya telala uja, tinene kuti yankho lachiwiri lanena kuti makatoni onse alipo, koma pa invoisi mlamu anangolemba kuti mphatso, osatchula zomwe zili m'kati kapena mtengo wake. Limeneli ndi vuto lofala kwambiri. A kasitomu amawerengera msonkho potengera mtundu wa katundu ndi mtengo wake, ndipo mawu oti mphatso sawauza chilichonse mwa ziwirizi. Kupatsidwa kwaulere sikuchotsa mtengo wa makina osokera. Chofunika apa ndi invoisi yokonzedwanso yotchula chinthu chilichonse, kuchuluka kwake, mtengo wake ndi mtundu wa ndalama, pamodzi ndi lisiti la sitolo yomwe mlamu anagulako kapena umboni wa malipiro. Akhozanso kupempha kope ya chitupa cha unzika, komanso nambala yanu yolipirira msonkho ngati katundu ndi wa bizinesi. Mapepalawa ajambuleni poyera, ngodya zonse zinayi zikuoneka, muwatumize mu uthenga umodzi, nambala ya katundu ili pa mutu. Musayese kutsitsa mtengo kuti msonkho uchepe. Akakayikira amaika mtengo wawo, ndipo kuchedwa kumangowonjezereka.

Zifukwa zina zomwe mungamve n'zosavuta kuzithetsa mukazidziwa. Ngati ndi foni kapena keyala, perekani nambala ziwiri zogwira ndi chizindikiro chodziwika cha pafupi ndi kwanu, monga sukulu, tchalitchi kapena chigayo, kapena muwauze kuti asunge katundu mukatenge nokha. Ngati akuti pali ndalama yowonjezera ya kulemera, dziwani kuti makampani a ndege amayeza kukula kwa katoni kuwonjezera pa sikelo. Ambiri amachulukitsa utali, mulifupi ndi msinkhu m'masentimita n'kugawa ndi 5000. Katoni ya masentimita 50, 40 ndi 40 imawerengedwa ngati makilogalamu 16 ngakhale itakhala ya ulusi wopepuka wolemera makilogalamu 6. Pemphani akulembereni miyezo yomwe apeza kuti muwerengere nokha. Ngati m'katoni muli mabatire a lifiyamu, mafuta onunkhira kapena zopopera, zimenezi zili ndi malamulo ake okhwima m'ndege, ndipo yankho lake limachokera kwa wotumiza, osati kwa inu.

Nkhani ya ndalama ikangotuluka, chenjerani. Akuba amadziwa kuti munthu wodikira katundu amalipira mosaganiza, ndiye amatumiza uthenga woti katundu wagwidwa, tumizani ndalama pa nambala yakutiyakuti. Musalipire pa nambala ya foni ya munthu, ndipo musatsegule ulalo wobwera ndi uthenga wotere. Pemphani pepala lochokera ku kampani losiyanitsa msonkho wa boma, ndalama ya ejenti woombola katundu, ndi ndalama yosungira, chilichonse pa mzere wake. Kenako imbani pa nambala ya ofesi yomwe ili pa lisiti lanu mutsimikize, ndipo mukalipira landirani lisiti.

Akakhala chete, kapena akavomera kuti sakumupeza

Tsiku lomwe munatchula likadutsa popanda yankho, tumizani kalata yomweyo kwa manijala wa nthambi kapena ku likulu la kampani, mutawonjezera chiganizo chimodzi pamwamba chonena tsiku lomwe munalemba koyamba ndi nambala ya dandaulo. Ngati depotiyo ili yofikirika, pitani ndi chitupa, lisiti ndi kalata yosindikiza makope awiri. Imodzi muwasiyire, inayo akudindireni kapena asayine ndi kulembapo tsiku. Ku depoti pempho likhale lomweli: mundionetse katoni, kapena mundilembere kuti palibe.

Akanena kuti sakumupeza, pemphani kuti atsegule kafukufuku wa katundu wosowa, akupatseni nambala yake ndi tsiku lomwe adzalengeze zotsatira. Nthawi yomweyo muuzeni wotumiza alembe kalata yopempha chipukuta misozi osadikira kuti kafukufukuyo athe, chifukwa nthawi yodandaula imathamanga ngakhale inu mukuyankhulana nawo mwaubale. Malamulo a DHL Express, mwachitsanzo, amafuna kuti dandaulo lolembedwa lifike pasanathe masiku 30 kuchokera tsiku lomwe analandira katundu, osati tsiku lomwe inu mwazindikira kuti wasowa. Ku positi, kufunsa za katundu wa pakati pa mayiko kumaloledwa m'miyezi isanu ndi umodzi kuchokera pomwe anatumizidwa. Makampani ena nthawi yawo amailemba kuseri kwa lisiti m'zilembo zing'onozing'ono, pamodzi ndi malire a ndalama yomwe angabweze ngati katundu analibe inshuwalansi. Werengani pamenepo tsiku lomwelo lomwe mukulemba kalata yoyamba.

Kampani ikakanika ndithu, ku Malawi bungwe lomwe limapereka ziphaso ndi kuyang'anira ntchito za positi ndi makampani onyamula makalata ndi katundu ndi MACRA, ndipo madandaulo a ogula amalandiridwanso ku Competition and Fair Trading Commission. Konseko adzafuna kuona kuti munayamba mwadandaula ku kampaniyo, choncho tengani makalata onse motsatira masiku ake, lisiti, zithunzi za sikirini ndi nambala ya dandaulo.

Tsiku lomwe katundu watuluka, musathamangire kusayina. Werengani makatoni ngati akwana, yerekezani nambala ya pa sitika ndi ya pa lisiti, ndipo yang'anani pansi pa katoni ngati panyowa kapena paphwanyika, poti katoni yomwe yakhala milungu iwiri pansi pa inzake imagonja m'ngodya. Mukaona tepi ya mtundu wina, funsani ngati anatsegula ndi a kasitomu. Chilichonse chokayikitsa chijambuleni dalaivala kapena kalaliki ali pomwepo, ndipo muchilembe pa pepala lolandirira pamwamba pa siginecha yanu, monga "katoni imodzi yaphwanyika m'ngodya, yatsegulidwa n'kumatidwanso". Makina osokerawo muwayese tsiku lomwelo, katoni ndi sitika yake musazitaye kufikira mutatsimikiza kuti akusoka.